Posita pakhoma la m'chithunzi: funsani mizere ya nyumbayo

Munthu amene akufuna kumata posita yaikulu pakhoma la sitolo yake masiku ano satulutsa ndalama asanaone. Amajambula khomalo ndi foni, n'kutumiza chithunzicho kwa wokonza zikwangwani, n'kumuuza kuti: "Tandiikireni posita ija apa ndione mmene izionekera." Pempholi ndi lanzeru. Kusindikiza chinsalu cha mamita atatu si ndalama yamasewera, ndipo chikatuluka m'makina sichibwereramonso. Mwini nyumba amene munthuyo amachitako lendi nayenso amafuna kuona chimene chikubwera pakhoma lake asanavomere.

Vuto ndi loti khoma silijambulidwa kawirikawiri munthu ataima ndendende kutsogolo kwake. M'misewu yothina ya ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe mulibe malo obwerera m'mbuyo: kumbuyo kwanu kuli minibasi, mabenchi a ogulitsa malonda, kapena khoma lina. Wojambula amaima chammbali, ndiye khomalo limalowa m'chithunzi mopendekeka, mbali ina yaikulu, ina yaing'ono. Mukatenga posita yanu ya ngodya zinayi zowongoka n'kuiika pamenepo mmene ilili, aliyense amaona kuti siili pakhomapo. Imaoneka ngati ikuyandama kutsogolo kwa nyumba. Ambiri akaona zimenezi amayamba kuikoka uku ndi uku moyerekeza ndi maso mpaka itaoneka bwinoko. Ine ndimakana njira imeneyi, chifukwa chithunzicho chili kale ndi yankho lenileni. Nyumbayo ili ndi mizere yake, ndipo mizereyo ikukuuzani pamene ngodya iliyonse ya posita iyenera kugwera.

Kumene mizere ikupita

Imani kumutu kwa munda wolimidwa bwino n'kuyang'ana kumene mizere ikulowera. Mukudziwa kuti mizereyo ndi yotalikirana mofanana kuyambira pamene mwaimapo mpaka kumapeto, koma maso anu amaiona ikuyandikana, ndipo munda ukanakhala wautali kwambiri ikanaoneka ngati yakumana pamalo amodzi. Kamera imaona chimodzimodzi. Chinthu chikatalikira kawiri, chimaoneka chaching'ono kawiri, choncho mpata wa pakati pa mizere iwiri umachepa mizereyo ikamapita kutali. Malo amene imaoneka ngati yakumana tiwatche pokumanira mizere.

Khoma lili ndi mizere yogona yambiri yotere: mzere wa pamwamba pomwe payambira denga, mizere ya matope pakati pa njerwa, pansi pa mawindo, pamwamba pa mawindo ndi zitseko, ndiponso malire a penti ngati khoma linapakidwa mitundu iwiri. Mizere yonseyi, ngati mmisiri anagwiritsa bwino ntchito chingwe ndi levulo, imalowera mbali imodzi, ndiye m'chithunzi yonse imakathera pokumanira pamodzi. M'mphepete mwa posita, cha kumwamba ndi cha kumunsi, ndi mizere yogonanso pakhoma lomwelo. Nayonso iyenera kulunjika pomwepo. Lamulo lonse lagona apa.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimathandiza kwambiri. Pokumanira mizere yogona pamakhala nthawi zonse pa msinkhu wa kamera. Ngati wojambula anagwira foni pa msinkhu wa maso ake, mamita 1.6 kuchokera pansi, ndiye kuti mzere wa njerwa umene uli pa msinkhu umenewo umaoneka wogona ndendende m'chithunzi, osakwera, osatsika. Mizere ya pamwamba pake imatsika ikamapita kutali, ya pansi pake imakwera. Mzere ukatalikirana kwambiri ndi msinkhu wa kamera, umapendekekanso kwambiri. N'chifukwa chake denga limaoneka lotsetsereka kuposa pansi pa windo.

Nzeru imeneyi si ya makompyuta. Katswiri wa zomangamanga wa mumzinda wa Florence ku Italy, Filippo Brunelleschi, anaionetsa poyera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Leon Battista Alberti analemba malamulo ake a ojambula m'chaka cha 1435. Iwo ankagwira ndi rula ndi cholembera, ndipo inunso mukhoza kuchita zonse zimene zikutsatirazi papepala losindikizidwa. Kompyuta yangofulumizitsa dzanja.

Khoma la mamita 12

Tiyeni tigwire ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti khoma la m'mbali mwa sitolo ndi lalitali mamita 12 m'litali ndi mamita 4 kuchoka pansi kufika kudenga. Miyezo imeneyi muitenge ndi tepi tsiku lojambula, musaiyerekeze. Posita ndi ya mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2 m'mwamba, ndipo mwini sitolo akufuna kuti iyambire pakati penipeni pa khoma kulowera kumbuyo, itakwezedwa mita imodzi kuchokera pansi. Wojambula anaima pafupi ndi kona yakumanzere, foni ataigwira chilili osaiweramitsa. Chithunzicho chili ndi timadontho totchedwa mapikiselo 4000 m'lifupi. Kona yapafupi ya nyumba yatenga mapikiselo 2000 kutalika kwake, kona yakutali yatenga 1000 okha, ndipo kuchokera kona ina kufika inzake pali mapikiselo 2800.

Choyamba ndi kupeza pokumanira. Tsegulani chithunzicho mu GIMP, yomwe ndi yaulere, kapena mu Photoshop. Pangani leya yatsopano yopanda kanthu pamwamba pa chithunzi kuti mizere yanu isadetse khomalo, ndipo muzijambula ndi mtundu wowala monga wofiira. Jambulani mzere wowongoka wotsata pamwamba pa khoma, wina wotsata pansi pake, ndipo yonse iwiri muipitirize kudutsa pamene nyumba yathera. Pa chithunzi chathu mudzaona kuti mizereyo ikufika m'mphepete mwa chithunzi isanakumane. Zimenezi ndi zachizolowezi ndipo si chizindikiro choti mwalakwitsa. Khomali lachepa ndi theka pa mtunda wa mapikiselo 2800, choncho likufunika mapikiselo 2800 ena kuti lithereretu. Pokumanira pali kunja, mapikiselo pafupifupi 2200 kupitirira mphepete yakumanja. Wonjezerani malo opanda kanthu kumbali imeneyo ndi Image > Canvas Size, n'kupitiriza mizereyo mpaka itadutsana. Malo owonjezerawo mudzawadula mukamaliza.

Musakhutire ndi mizere iwiri. Mizere iwiri iliyonse yosalingana imakumana penapake, ngakhale itakhala yolakwika, ndiye kukumana kwake sikutsimikizira kanthu. Jambulani wachitatu, wotsata pansi pa mawindo kapena mzere umodzi wautali wa njerwa. Ukadutsa pamalo omwewo, mwapeza pokumanira penipeni. Ukadutsa patali, umodzi mwa mizere itatuyo ukunama, ndipo muyenera kudziwa kuti ndi uti musanapitirire. Tibwereranso ku zimenezi.

Chachiwiri ndi msinkhu wa posita. Apa kona yapafupi ya nyumba ndiyo rula yanu. Popeza mamita 4 atenga mapikiselo 2000 pakonapo, mita imodzi ndi mapikiselo 500. Ikani kadontho pa mita imodzi kuchokera pansi, kena pa mamita atatu. Kuchokera pa kadontho kalikonse kokani mzere wopita pokumanira paja. Mizere iwiriyi ndi njira imene posita iyenera kuyendamo: paliponse pamene mungaiike pakhomali, mphepete yake yam'mwamba idzakhala pa mzere wina, yam'munsi pa mzere winawo. Chenjezo limodzi ndi loti rula imeneyi imagwira pakona pokhapo. Mapikiselo 500 amene ali mita imodzi pakona yapafupi ndi mamita awiri pakona yakutali.

Pamene ambiri amagwa

Mpaka apa anthu ambiri amafika bwinobwino. Chimene chimawagwetsa ndi m'lifupi mwa posita, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa cholakwa chake sichioneka msanga. Posita yopendekeka molakwika aliyense amaiona. Posita yotambalala molakwika imaoneka bwinobwino pa foni, mwini sitolo n'kusangalala, kenako tsiku lomata n'kupeza kuti chinsalu chenichenicho chaphimba kachigawo kakang'ono kuposa kamene anaonetsedwa.

Tiyambe ndi funso losavuta: pakati pa khomali ndi pati? Dzanja limathamangira kugawa 2800 pawiri n'kuloza pa 1400. Koma theka lapafupi la khoma limaoneka lalikulu kuposa theka lakutali, choncho pakati penipeni pali cha kutsogolo. Njira yopezerapo ndi yakale ndipo sifuna masamu. Jambulani mzere kuchokera pamwamba pa kona yapafupi kufika pansi pa kona yakutali, wina kuchokera pansi pa kona yapafupi kufika pamwamba pa kona yakutali, kupanga chilembo cha X pakhoma lonse. Pa khoma lenileni mizere iwiri yotereyi imadutsana pakati penipeni, ndipo kamera singasinthe zimenezo, chifukwa mzere wowongoka umakhalabe wowongoka m'chithunzi ndipo pamene mizere yadutsana imadutsanabe pomwepo. Pa chithunzi chathu X ameneyu akudutsana pa mapikiselo pafupifupi 1867 kuchokera kona yapafupi. Kusiyana kwake ndi 1400 uja si kwamasewera: amene akanayambira posita pa 1400 akanaiika pa mamita anayi, osati pa mamita asanu ndi limodzi amene anauzidwa.

Imikani mzere wachilili podutsana pajapo. Imeneyo ndiyo mphepete yakumanzere ya posita. Tsopano theka lakutali la khoma ndi mamita 6, ndipo posita ikufuna theka lake. Jambulaninso X m'chigawo chimenecho, n'kuimika mzere wina wachilili podutsana pake. Mwapeza mphepete yakumanja, pa mamita 9. Pamene mizere iwiri yachililiyi yadutsa mizere iwiri yopita pokumanira ija ndi pamene pali ngodya zinayi za posita yanu.

Taonani tsopano zimene zatuluka. Khomali mukaligawa motere m'zigawo zinayi za mamita atatuatatu, chigawo choyamba chikutenga mapikiselo 1120, chachiwiri 747, chachitatu 533, chachinayi 400. Pakhoma lenileni zonse n'zofanana, koma m'chithunzi choyamba chikuposa chomaliza pafupifupi katatu. Posita yathu ili m'chigawo chachitatu, ndiye m'lifupi mwake ndi mapikiselo 533, pamene msinkhu wake kumbali yapafupi ndi pafupifupi 667. Posita imene papepala ndi yotambalala kuposa kutalika kwake yatuluka yoimirira, yopanikizika. Apa mtima umakana. Wokonza amaona zilembo zake zokongola zitathinana, n'kumva kuti china chake chalakwika, n'kuikoka kuti itambalale ngati mmene anaikonzera. Akangotero wanamiza kasitomala wake, chifukwa posita yooneka yotambalala choncho pamalo amenewo ndi ya mamita asanu kapena kuposa, osati atatu. Musaikoke. Mmene yapanikizikiramo ndi mmene munthu woima pamene panaima wojambula adzaionere.

Ndipotu kupanikizika kumeneko ndi uthenga wofunika kwa mwini sitolo. Ngati nambala ya foni yolembedwa pa posita sikuwerengeka m'chithunzi choona, sidzawerengekanso kwa munthu wodutsa mumsewumo. Ndi bwino kuzidziwa lero, n'kukulitsa zilembo kapena kusunthira posita kufupi ndi msewu, kusiyana n'kudzazidziwa chinsalu chitamatidwa kale. Chithunzi choyeserera chimene chimangosangalatsa koma osachenjeza ndi chopanda ntchito.

Nanga ngati miyezo sigawika pawiri mosavuta, mwachitsanzo posita ikuyambira pa mamita 5 n'kuthera pa 8? Pali njira yake. Gawani kona yapafupi m'zigawo 12 zofanana, chiwerengero cha mamita a m'litali mwa khoma, ndipo kuchokera pa chigawo chilichonse kokani mzere wopita pokumanira. Kenako jambulani mzere umodzi wopingasa kuchokera pansi pa kona yapafupi kufika pamwamba pa kona yakutali. Pamene wopingasawo wadutsa mzere woyamba kuchokera pansi ndi pa mita yoyamba, pamene wadutsa wachisanu ndi pa mamita asanu, choncho mpaka kumapeto. Koma kunena zoona, njira yachidule kuposa zonsezi ili kukhoma komweko. Tsiku lojambula tengani choko ndi tepi, lembani timitanda tinayi pamene ngodya za posita zidzakhale, kenako jambulani. Timitandato tikalowa m'chithunzi, ntchito ya rula yatha. Njira ya mizere imakhala yofunika pamene chithunzi mwachita kutumiziridwa, pamene malowo ali pamwamba poti simungafike opanda makwerero, kapena pamene kasitomala wasintha maganizo za malo.

Kuika posita

Ngodya zinayi zikapezeka, chotsala ndi chophweka, bola musankhe chida choyenera. Mu GIMP ikani posita ngati leya yatsopano, sankhani Tools > Transform Tools > Perspective, n'kukoka ngodya iliyonse payokha kufikitsa pa kadontho kake. Mu Photoshop chida chochita zimenezi ndi Edit > Transform > Distort. Pulogalamuyo ikangodziwa ngodya zinayi, imawerengera yokha zam'kati: zilembo zapafupi zimakula, zakutali zimachepa ndi kuthinana pamlingo woyenera.

Mu Photoshop muli msampha umodzi. Pafupi ndi Distort pali lamulo lina lotchedwa Perspective, ndipo dzina lake limakopa. Lamuloli limasuntha ngodya ziwiri nthawi imodzi mofanana, ina kutsika, ina kukwera pamlingo womwewo. Zimenezo zikanakhala zoona kamera ikanakhala pa msinkhu wa pakati penipeni pa posita. Pa khoma lathu sizili choncho. Pamwamba pa posita pali pa mamita 1.4 kupitirira msinkhu wa kamera, pomwe pansi pake pali pa mamita 0.6 okha kumunsi kwake. Ndiye mphepete yam'mwamba ikutsika mapikiselo pafupifupi 67, yam'munsi ikukwera 29 okha. Kuzunguza posita kapena kuiweramitsa yonse mbali imodzi sikungatulutsenso zimenezi, chifukwa njira ziwirizo zimasiya mphepete zake zili zolingana, pamene ife tikufuna kuti ziziyandikana.

Photoshop ilinso ndi chida chopangidwira ntchito yomweyi, chimene chinabwera ndi Photoshop CS2 m'chaka cha 2005. Mumakopa posita yanu, n'kupanga leya yatsopano yopanda kanthu, n'kutsegula Filter > Vanishing Point. M'menemo mumadina ngodya zinayi za chinthu chimene mukudziwa kuti pakhoma lenileni n'changodya zowongoka, monga khoma lonse kapena windo lalikulu, ndipo pamabwera ukonde wa mizere wogona pakhomapo. Ukondewo ukakhala wabuluu, pulogalamu yavomereza ngodya zanu. Ukakhala wachikasu kapena wofiira, ikukayikira, ndipo muyenera kusuntha ngodyazo. Kenako mumamata posita ndi Ctrl+V, n'kuikokera mu ukondemo, ndipo imagona yokha pakhoma. Mukaisunthira kutali imachepa yokha. Chidachi n'chabwino kwambiri pamene kasitomala akufuna kuona malo awiri kapena atatu. Komabe mtundu wabuluu ukungonena kuti ngodyazo n'zotheka, sukunena kuti mwadina pa njerwa yoyenera, ndiponso chidacho sichidziwa kuti posita yanu ndi ya mamita angati mpaka inu mutaiyeza. Mizere yanu yofiira ija ndi X uja muzisunge kuti muone nazo ngati zimene chatulutsa zili zoona.

Mizere ikanama

Tibwerere ku mzere wachitatu umene wakana kukumana ndi anzake. Nthawi zambiri wonama ndi mzere wa pansi. Nthaka siyendera levulo. Ku Blantyre ndi ku Zomba nyumba zambiri zinamangidwa pamtsetse, ndipo pamene khoma lakumana ndi dothi pamakwera kapena kutsika motsata phiri, osati motsata njerwa. Mukautsata mzere umenewo, posita yanu idzapendekeka ngati msewu. Denga nalonso silidalirika nthawi zonse: mitengo yakale imawerama, malata amapindika, ndipo denga lina linamangidwa dala lotsetsereka kuti madzi azitsika. Odalirika kwambiri ndi mizere ya njerwa, pansi pa mawindo ndi pamwamba pa zitseko, chifukwa pamenepo mmisiri anakoka chingwe. Sankhaninso mizere italiitali ndiponso yotalikirana. Mzere wa kawindo kamodzi ukalakwika ndi mapikiselo awiri okha, pofika pokumanira udzakhala utasochera kutali. Kulitsani chithunzi pa sikirini poika timadontho kuti muone m'mphepete mwenimweni mwa njerwa.

Wonama wina ndi kamera yomwe. Mafoni ambiri ali ndi diso lojambula malo aakulu, lolembedwa 0.5x kapena 0.6x, ndipo wojambula wosowa malo obwerera m'mbuyo amathamangira lomwelo. Diso lotere limatha kupinda mizere yowongoka, makamaka cha m'mphepete mwa chithunzi. Mukhoza kuzindikira poika mzere wanu wowongoka padenga: ukakhudza kumapeto konse kuwiri koma pakati n'kusiya mpata, chithunzicho n'chopindika. Njira yonse ya mizere imadalira kuti chowongoka chikhale chowongoka, choncho chithunzi chotere chiyambe chawongoledwa, mu GIMP ndi Filters > Distorts > Lens Distortion, mu Photoshop ndi Filter > Lens Correction. Chabwino koposa ndi kupempha kuti achijambulenso pa 1x, khoma likhale chapakati pa chithunzi. Chithunzi chojambulidwa poyendetsa foni kuchokera mbali ina kufika ina kuti nyumba yonse ikwane sichingagwire ntchito imeneyi n'komwe, chifukwa mizere yake yambiri yogona imakhota.

Pali nkhani ya nyumba zosanja. Khoma lathu linajambulidwa foni ili chilili, n'chifukwa chake makona a nyumba aima chilili m'chithunzi. Koma posita ikamapita pa nsanjika yachitatu, wojambula amakweza foni kuyang'ana kumwamba, ndipo mizere yachilili nayo imayamba kuyandikana ikamakwera. Pamenepo pabadwa pokumanira pena, kumwamba kwa chithunzi. Mphepete zam'mbali za posita siziyeneranso kuima chilili. Ziyenera kulunjika kumeneko, motsata makona a nyumba ndi m'mbali mwa mawindo. X uja amagwirabe ntchito mosasintha, kungoti mzere umene mumaimika podutsana pake uziloza pokumanira pa kumwambapo. Chimene chimaleka kugwira ntchito ndi rula ya pakona ija, chifukwa mita ya kumwamba tsopano ikuoneka yaifupi kuposa ya pansi. Msinkhu muupeze pogawa ndi X, kapena powerenga mizere ya njerwa: yezani ndi tepi mizere khumi pansi pomwe mungafike, kenako werengani m'chithunzi kuti posita itenga mizere ingati.

Nthawi zina vuto limakhala lakuti khoma lajambulidwa pafupifupi kutsogolo ndendende, ndiye mizere ikuyandikana pang'onopang'ono kwambiri moti pokumanira pali kutali koti kompyuta singakwanitse malo ake. Simukufunika kupafika. Posita yathu ikuyambira pa gawo limodzi la magawo anayi a msinkhu wa khoma n'kuthera pa magawo atatu. Ikani timadontho pa magawo amenewo pakona yapafupi, chitaninso chimodzimodzi pakona yakutali, n'kulumikiza. Mizere imene yatuluka ikulunjika pokumanira pomwepo ngakhale simunapaone.

Ngodya zikakhala pamalo pake, pamatsala zoti posita ioneke kuti yakhudza khoma. Posita yochokera pakompyuta imakhala yowala mofanana paliponse, pomwe khoma lili ndi mthunzi wa denga ndi fumbi. Mukasintha kasakanizidwe ka leya yake kukhala Multiply, mithunzi ndi mizere ya njerwa zimaonekera, zimene zimayenera ngati chithunzicho chidzapentedwa pakhoma kapena kumatidwa pa pulasitala woyera. Pakhoma la njerwa zofiira Multiply amadetsa mitundu yonse, ndiye ndi bwino kuisiya posita mmene ilili n'kujambula mthunzi wa dengawo pa leya ina pamwamba pake. Ngati idzakhala pa felemu yachitsulo yotuluka pang'ono, m'mbali mwa felemu moyang'ana kamera muyenera kuoneka, ndipo kamthunzi kake kagwere mbali imene mithunzi ina ya m'chithunzimo ikugwera. Pomaliza yang'anani zimene zili pakati pa kamera ndi khoma. Mtengo wa magetsi, nthambi ya mango, waya kapena munthu wodutsa ziyenera kukhala kutsogolo kwa posita, choncho fufutani kachigawo ka posita kamene kaziphimba. Mtengo wa magetsiwo musauchotse m'chithunzi pofuna kukometsa. Ngati ukudutsa pa dzina la sitolo, mwini wake auone, n'kusankha yekha kusunthira posita mita imodzi kumanzere chinsalu chisanapite kosindikiza.